Muli ndi mphindi 8 zokha, achimwene

Mnzathu wina wafunsa muno m'gulu lathu kuti: "Akuluakulu, ine ndimaika mapampu a sola a ulimi wothirira. Andiitana kumsonkhano ku Lilongwe mwezi wamawa, tikakhala anthu anayi kutsogolo kukambirana kwa ola limodzi. Ndikufuna anthu andidziwe pantchitoyi. Ndikonzekere bwanji?"

Achimwene, tiyambe tawerengera nthawi, chifukwa olalo si lanu. Wotsogolera zokambirana adzadya mphindi 10 polonjera alendo ndi kukutchulani mayina. Mphindi 15 zakumapeto n'za mafunso a anthu. Zotsala ndi 35, ndipo mukagawana anayi aliyense apeza 8 ndi kanyenyeswa. Komanso sadzakupatsani zonse pakamodzi ayi, zidzabwera pang'onopang'ono, mwina mayankho atatu a mphindi ziwiri kapena zitatu. Msonkhano ukayamba mochedwa podikira mlendo wolemekezeka, gawo lanulo ndi lomwe amalidula.

Choncho musatenge mbiri ya kampani yanu. Tengani nkhani imodzi ya ntchito yomwe munagwira ndi manja anu, makamaka yomwe inavuta.

Inenso ndili pantchito ya madzi yomweyi. Ulendo wanga woyamba kukhala kutsogolo ndinanena kuti sola ndi tsogolo la ulimi ndiponso kuti alimi akufunika ngongole. Zinali zoona, koma mnzanga amene anayankhula ndisanayankhule anali atanena kale zomwezo. Nthawi ya tiyi palibe anandifunsa kanthu, ndipo zinandipweteka chifukwa ndinali ndi zambiri zothandiza zomwe ndinazisiya kunyumba.

Ulendo wachiwiri ndinafotokoza za gulu lina la alimi a tomato ndi anyezi lomwe linandiitana pampu yawo itafa isanathe chaka. Chitsime chawo chinkapereka malita pafupifupi 1,000 pa ola, pomwe pampu yomwe anawaikira inkakoka 2,500. Dzuwa likafika paliwombo, pampu inkathamanga kwambiri, madzi n'kuthera m'chitsime, iyo n'kumazungulira pouma. Alimiwo ankaona madzi akutuluka modukizaduka, akulavula mpweya ndi mchenga, nkumaganiza kuti mapanelo ndi ochepa. Chonsecho vuto linali loti palibe anayeza chitsimecho asanagule pampu, ndipo kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika sikanaikidwe. Tinaika pampu yaing'ono ndi thanki ya malita 5,000, dimba linadzuka. Ndinamaliza ndi mawu amodzi: musanafunse mtengo wa pampu, funsani kuti chitsime chimapereka malita angati pa ola m'mwezi wa Okutobala, osati wa Epulo.

Nkhaniyi imatenga mphindi ziwiri ndi theka, ndinaiyeza pafoni kangapo. Nditatsika, anthu anandizungulira. Mayi wina wa bungwe lina anali atalemba funso la Okutobala lija pachikuto cha pulogalamu, ndipo patatha miyezi anandiyimbira kuti ndikayeze zitsime zawo. Dzina langa analikumbukira chifukwa cha nkhani ya chitsimecho. Chimodzi chokha musamale: musatchule dzina la amene anaika pampu yolakwikayo, ngakhale mudzi wake. M'ntchito yathu muno timadziwana tonse.

Sabata ino pemphani nambala ya wotsogolerayo. Mufunseni kuti anzanu atatuwo ndi ndani komanso omvera adzakhala otani. Ngati ndi akuluakulu a boma ndi mabungwe, adzafuna kumva za ndalama zomwe zimawonongeka pampu ikafa. Ngati ndi alimi, adzafuna kudziwa zizindikiro zoti aziona kudimba, ndipo pamenepo pemphani kuti muyankhule Chichewa. Muuzeninso nkhani yanuyo mwachidule kuti adzakuponyereni funso lolowera komweko. Otsogolera ambiri amakondwa nazo, mumakhala mwawapeputsira ntchito. Mumutumizire mzere umodzi wonena dzina lanu ndi ntchito yanu, kuti asakutchuleni molakwika.

Patsikulo malonje akhale aafupi, mwini mwambo walonjera kale aliyense. Maiki ikhale pafupi ndi chibwano, ndipo muziyang'ana anthu, osati wotsogolera yekha. Mnzanu akanena zomwe simukugwirizana nazo, nenani mwaulemu kuti "ine kumunda ndaona zosiyana pang'ono", mupereke chitsanzo. Wina akafunsa zomwe simukudziwa, musapeke nambala, m'chipindamo mudzakhala mainjiniya. Muuzeni kuti mufufuza ndipo mutenge nambala yake.

Mukatsika musathamangire galimoto. Khalani pa tiyi mpaka atha. Aliyense wokupatsani nambala, lembani pambali pa dzina lake zomwe wafunsa, ndipo pasanathe masiku awiri mutumizireni uthenga pa WhatsApp woyankha funso lakelo, osati mndandanda wa mitengo.

Lembani nkhani yanuyo muno m'gulu msonkhano usanafike, muikemo malita ndi kuya kwa chitsime, tikuthandizeni kuidula kuti ikwane mphindi zitatu.