Chithunzi cha malemu bambo: musanalipire ku situdiyo

"Abale ndithandizeni. Mwezi wa mawa tikuvundukula chiliza cha bambo ku Santhe. Chithunzi chawo chomwe ndili nacho ndi cha pagulu, pa ukwati, anandiponyera pa WhatsApp. Ndikufuna kudula nkhope yawo yokha ndikuikulitsa pa A3. Wa situdiyo ina pa Kasungu boma akuti aiyeretsa iziwoneka bwino. Zoona?"

Achemwali, ndalamazo muyambe mwazisunga kaye. Tsegulani chithunzicho mu foni, mupite pa Details, muone manambala awiri onga 800 x 600. Manambalawo akunena kuchuluka kwa timadontho, mapikiselo, timene tapanga chithunzicho: 800 m'mbali, 600 chotsika. Kadontho kalikonse kamasunga mtundu umodzi basi, mkati mwake mulibe chobisika china.

Tiyerekeze kuti chanucho ndi 800 x 600, ndipo bambo aima pakati pa anthu khumi. Nkhope yawo mwina yatenga timadontho 60 m'mbali. Nkhope ya munthu wamkulu imakhala pafupifupi masentimita 15 mulifupi, ndiye kuti kadontho kamodzi kanameza mamilimita awiri ndi theka a khungu lawo. Chilichonse chopyapyala kuposa pamenepo, kaya makwinya a m'mbali mwa diso, kaya mphini, kaya imvi za m'ndevu, chinasakanikirana ndi khungu n'kukhala mtundu umodzi. Diso lonse lili ndi timadontho ngati 12 tokha m'mbali. Zimenezi zinatayika kale, mwina tsiku lojambulalo, mwina pamene chithunzicho chinkapanikizidwa podutsa m'mafoni.

Tsono kuti pepala lituluke lakuthwa, makina osindikizira amafuna timadontho pafupifupi 118 pa sentimita iliyonse. Nkhope ya masentimita 15 pa A3 ikufuna timadontho ngati 1,800 m'mbali, inu muli ndi 60. Ndiye kuti kompyuta ikulitse ka 30 m'mbali ndi ka 30 chotsika, pamalo pa kadontho kamodzi pakhale 900. Enawo achokera kuti? Kompyuta imayang'ana timadontho toyandikana, kena kakuda kena kowalirako, n'kudzaza pakati ndi mitundu yapakatikati. N'chimodzimodzi kuthira madzi mu thobwa: ndowa idzaza, koma ufa ndi chimera n'zomwe zija. N'chifukwa chake nkhope yokulitsidwa imaoneka ya mbuu, kapena ya timabokosi.

Kuyeretsa kumene akunenako kulipodi, ndipo ndi pamene ine ndikuopa kwambiri. Poti makwinya enieni palibe, pulogalamu kapena munthu amene akukonzayo amaikapo ake ongoganizira, potengera mmene nkhope za anthu zimakhalira. Chimatuluka chokongola, maso akuthwa, mano oyera, koma si bambo anu. Mudzazindikira poona khungu losalala ngati la chidole, mano ondondozana bwino pamene malemu anali ndi mpata, nsidze zosintha, kapena nkhope yakuthwa pamene kolala ya jekete ili mbuu. Pa chiliza pamabwera azakhali ndi anzawo a malemu amene anawadziwa zaka zonse, ndipo zimawawa kumva wina akunong'ona kuti "koma awa ndi iwowo?" Mukalola kuti ayese, auzeni akuonetseni pa kompyuta asanasindikize, ndipo mupite ndi mayi kapena wachibale wamkulu akaone.

Nzeru yabwino n'kutsata kumene chithunzicho chinachokera. Funsani amene anakuponyerani kuti iye anachitenga kwa ndani, mpaka mufike kwa mwini foni kapena kamera imene inajambula. WhatsApp imachepetsa ndi kupanikiza zithunzi zotumizidwa mwachizolowezi, ndipo ngati wina anangojambula sikirini pa Facebook ndiye chinachepanso. Mwiniyo akutumizireni ngati Document, chifika mmene chinalili. Kamera ya mamegapikiselo 12, kutanthauza timadontho 12 miliyoni, imatulutsa 4000 x 3000, kasanu kuposa 800 x 600, choncho nkhope yomweyo ikhala ndi timadontho 300. Pamenepo mutha kusindikiza nkhope ya masentimita awiri ndi theka yakuthwa ndithu, kapena ya masentimita asanu yooneka bwinoko.

Ngati ukwatiwo ndi wakale, wa nthawi ya filimu, fufuzani cha papepala mu alubamu kumudzi. Musachijambule ndi foni, pitani nacho akachisikane pa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse. Negativu ikapezeka ndiye bwino koposa, chifukwa imasunga zambiri kuposa pepala. Funsaninso ngati patsala tizithunzi ta pasipoti kapena ta khadi la kuntchito. Kakang'ono m'manja, koma nkhope inadzaza chithunzi chonse, ndiye kamakula bwino kuposa cha pagulu.

Zonsezi zikakanika, musadule nkhope. Sindikizani chithunzi chonse cha gululo pa saizi ya positikhadi, masentimita 10 ndi 15, muchiike pakati pa felemu yaikulu, pansi pake mulembe dzina la bambo ndi zaka zawo.