Madengu a ku Nchalo sakuoneka pa Google: musathire ndalama musanakonze fayilo

"Ndili ku Nchalo. Ndimagula madengu ndi mikeka ya mlaza kwa oluka a kuno ndi a ku Bangula, komanso ndili ndi zitenje, madiresi osokedwa ndi nyale za sola. Katundu amakhala kwa mng'ono wanga ku Johannesburg, ndiye amatumiza kwa ogula. Tili ndi webusayiti, ndipo taika katundu 120 mu Google Merchant Center kuti azioneka kwa anthu a ku South Africa. Koma wambiri walembedwa `Not approved` kapena `Limited`, ndipo madengu saoneka ndi pang'ono pomwe. Mnyamata amene anatikonzera akuti tiwonjezere ndalama. Nditero? Ndakutumizirani mizere ingapo ya fayilo yathu."

Mayi, ndalamazo zisungeni kaye. Katundu amene wakanidwa salowa n'komwe pampikisano wa malonda, ndiye ngakhale mutathira ndalama zochuluka bwanji, zidzangopita kwa katundu wochepa uja amene wavomerezedwa kale. Ndaiona mizere yanu, ndipo zimene zikukutsekerezani zili mufayilo momwemo, ija ya mndandanda wa katundu imene Google imawerenga.

Otsatsa malonda ambiri anazolowera kuti pa Google munthu amasankha yekha mawu amene akufuna kuti malonda ake azitulukirapo. Malonda a Shopping, aja oonetsa chithunzi cha katundu ndi mtengo wake kuchokera mu Merchant Center, sayenda choncho. Mulibe malo olembamo mawu oterowo. Google imatenga zimene wogula walemba, n'kuziyerekeza ndi zimene zili mufayilo yanu, makamaka mu `title` ndi mu `description`. Tsono dengu lanu loyamba mwalitcha `Dengu Big - NEW STOCK!!!`. Mayi wa ku Pretoria amene akufuna poika zovala za mwana wake sadzalemba mawu akuti dengu, ndipo mawu akuti `Big` sakumuuza ngati ndi la masentimita 30 kapena 60. Choonjezera apo, zilembo zikuluzikulu zokuwira ndi mawu oitanira malonda n'zoletsedwa mumutu, moti pazokha zikhoza kukanitsa katundu. Dengu lomwelo likanalembedwa motere:

```
Handwoven Palm Leaf Basket, Round, 40 cm, Natural, Made in Malawi
```

Mutu umaloledwa kufika zilembo 150, koma wogula nthawi zambiri amangoona 70 zoyamba kapena zosakwana pamenepo, makamaka pafoni. N'chifukwa chake dzina la chinthu ndi chimene chinapangidwira zimatsogola, kenako maonekedwe, kukula ndi mtundu. Mutu uli pamwambawu uli ndi zilembo 65. Ndaona kuti mizere yanu ina imayamba ndi dzina la shopu yanu. Dzina limene ogula sanalidziwe lisadye malo a kutsogolo. Liikeni kumapeto kapena lisiyeni mu `brand`.

Ndikudziwa kuti zimawawa kuchotsa mawu athu. Koma pa chitenje musachotse. Amalawi a ku Joni amalemba chitenje akamafufuza, anzathu a ku Zambia amati chitenge, a ku Mozambique amati capulana, ndipo anthu ena amangolemba za nsalu ya ku Africa m'Chingerezi. Mutu ukhale ndi `Chitenje` pamodzi ndi `African Print Fabric`, mtundu ndi kutalika kwake m'mamita, ndipo mayina enawo alowe mu `description` m'chiganizo chomveka. Lamulo lake ndi lakuti chilankhulo cha fayilo chifanane ndi cha tsamba limene wogula akafikirepo, ndiye poti mukugulitsa m'Chingerezi ku South Africa, zonse zikhale m'Chingerezi.

Tsopano chimene chandikhudza kwambiri. Mu `gtin` ya madengu anu muli manambala onga `1234567890123`, ndipo mikeka itatu ili ndi nambala imodzi. Zikuoneka kuti wina anaona chenjezo lakuti nambala ikusowa, n'kuganiza zongodzaza mpatawo. Ichi si chinthu chaching'ono, ndipo ine ndimati munthu wochita zimenezi asamalipidwe ngati katswiri. GTIN ndi nambala imene imakhala pansi pa timizere ta bakodi. Imachokera ku bungwe la GS1, imakhala ndi manambala 8, 12, 13 kapena 14, ndipo nambala yomaliza imawerengedwa kuchokera ku anzake onse. Google imawerengetsanso. Nambala yongopeka kawirikawiri imagwa pamasamu amenewo, katundu n'kukanidwa. Ikapulumuka mwangozi, ikhoza kukhala ya chinthu cha kampani ina, ndiye dengu lanu limasokonezedwa ndi katundu wosakhala wanu.

Dengu lolukidwa ndi manja ku Bangula lilibe GTIN, ndipo silikuyenera kukhala nayo. Google inasiya njira ya katundu wotere: mumasiya `gtin` yopanda kanthu, n'kulemba `no` mu `identifier_exists`. Basi. Madiresi amene telala wanu amasoka nawonso ndi chimodzimodzi.

Koma musatengeke n'kulemba `no` pamizere yonse 120, chifukwa nyale za sola zija ndi nkhani ina. Zimachokera kufakitale, zili ndi dzina la kampani, ndipo pakatoni pake pali bakodi. Zimenezo ndi zimene zikulandira uthenga woyamba ndi `Limited performance due to missing value`, kutanthauza kuti zikuoneka koma mopereŵera. Google ikadziwa GTIN imadziwa bwinobwino kuti nyaleyo ndi iti, n'kuionetsa kwa anthu amene akufuna yomweyo. Mukanama kuti ilibe nambala pamene ogulitsa ena akuitumiza ndi nambala, mudzachenjezedwa kapena kukanidwa. Mng'ono wanu atenge katoni iliyonse, akopere nambalayo ndi dzina la kampani. Ndipo pali msampha umene wagwira anthu ambiri osalakwa: mukalemba nambala yaitali mu Excel imasanduka zinthu ngati `6.01E+12`, ndipo ziro wa kutsogolo amatha kusowa mu Excel ndi mu Google Sheets momwe. Musanalembe, sinthani mzere wonse wotsika wa `gtin` ukhale `Text` mu Excel kapena `Plain text` mu Sheets.

Zithunzi

Zithunzi zanu n'zabwino pa sitetasi ya WhatsApp: mtengo pakona, nambala ya foni pansi, dzina la shopu pakati. Kwa Google chilichonse cha zimenezi n'chifukwa chokanira, ndipo uthenga wake umati `Promotional overlay on image`. Chithunzi cha mu `image_link` chimayenera kuonetsa katundu yekha, popanda mawu olembedwa pamwamba, popanda chidindo cha shopu, popanda mpendero. Dengu lidzaze pafupifupi magawo 75 mpaka 90 pa 100 a chithunzi. Pachithunzi china madengu asanu aunjikidwa pamodzi pamene mukugulitsa limodzi. Wogula adzayesa kuti mtengowo ndi wa onse asanu, ndipo mkangano wake udzagwera mng'ono wanu.

Simukufunika kamera yodula. Dzuwa la kuno kuchigwa ndilo mdani: masana limayeretsa mlaza mpaka malukidwe osaoneka, n'kusiya mthunzi wakuda bii m'kati mwa dengu. Jambulani m'mawa pakhonde, pamthunzi, mutayala nsalu yoyera yosakwinyika kuchokera pakhoma kutsikira pansi. Pukutani galasi la kamera, chifukwa fumbi la chilimwe limachititsa chithunzi kuoneka ngati chautsi. Potumiza ku Joni, tumizani ngati `Document` kuti WhatsApp isachifinye, ndipo musajambule sikirini ya foni. Chithunzi cha mapikiselo 1500 mbali zonse chimakwana bwino. Zija za dengu lili m'chipinda, kapena za manja a woluka, musataye: malo ake ndi `additional_image_link`, imene imalola zithunzi mpaka 10. Ine ndimaona kuti chithunzi chapafupi choonetsa malukidwe chimagulitsa dengu kuposa mawu aliwonse.

Zinthu ziwiri zimene anthu amaiwala apa. Linki ya chithunzi iyenera kutsegula chithunzi chenichenicho, chokhala pa webusayiti yanu, osati tsamba la Facebook kapena la Google Drive limene chithunzicho chili m'kati mwake. Ndipo mukasintha chithunzi, chipatseni dzina latsopano kuti linki isinthe. Mukachiika pa dzina lakale, Google ikhoza kutenga masabata isanazindikire, inu n'kumadabwa kuti bwanji chikukanidwabe.

Za magulu, mwaika katundu yense pansi pa zovala, mwina chifukwa mzere woyamba unali diresi ndipo wina anangokokera pansi. Google imasankha yokha gulu la katundu aliyense, ndipo `google_product_category` ndi yongoiwongolera ikaphonya. Gulu lolakwika n'loipa kuposa kusiya popanda kanthu, chifukwa gulu limabwera ndi malamulo ake: dengu mukalitcha chovala, limayembekezeredwa kukhala ndi saizi ndi kunena ngati ndi la amuna kapena akazi. Dengu lokongoletsera lili mu `Home & Garden > Decor > Baskets`. Chitenje chosasoka ndi nsalu, ndiye chipite kugulu lothera ndi `Textiles > Fabric`. Chikasokedwa diresi m'pamene chimalowa mu `Apparel & Accessories > Clothing > Dresses`. Maina a magulu amakoperedwa ndendende kuchokera pamndandanda wa Google. Ngati mukufuna magulu anuanu, monga kusiyanitsa mikeka ndi madengu, malo ake ndi `product_type`, mmene mumalemba momwe mukufunira.

Madiresi ali ndi vuto lawolawo. Diresi limodzi la masaizi anayi mwaliika pamzere umodzi, masaizi onse mu `title`. Saizi iliyonse imafuna mzere wake ndi `id` yake, ndipo mizere inayiyo imamangidwa pamodzi ndi `item_group_id` imodzi. Pamzere uliwonse dzazani `size`, `color`, `gender` ndi `age_group`. Mayiko ena, monga UK ndi United States, salola chovala popanda zimenezi, ndipo ngakhale kumene sakakamiza, munthu wofufuza diresi lobiriwira la saizi 38 sangalipeze lanu ngati simunanene. Mu `color` lembani dzina la mtundu, osati nambala ya nsalu imene inu ndi telala mumagwiritsa ntchito.

Mzere wa dengu lija ukakonzedwa uzioneka chonchi:

```
id: DG-040-NAT
price: 450.00 ZAR
availability: in_stock
condition: new
identifier_exists: no
google_product_category: Home & Garden > Decor > Baskets
```

Mtengowo ndangoikapo ngati chitsanzo, koma wanu ufanane ndendende ndi wa patsamba. Google imapita kukaona tsambalo, ndipo mukakweza mtengo pa webusayiti n'kuiwala fayilo, katundu amakanidwa. N'chimodzimodzi dengu likatha ku Joni pamene fayilo ikunenabe `in_stock`. Ndipo `id` musamaisinthe mukangoipereka, chifukwa mbiri ya mmene katunduyo wakhala akuyendera imamangika pa iyo.

Poyambira ndi apa. Tsegulani `Products`, kenako `Needs attention`, muone uthenga umene wagwira katundu wochuluka. Fufutani ma GTIN opeka lero lomwe, poti ndi ntchito ya ola limodzi. Kenako sankhani madengu khumi amene amagulidwa kwambiri, muwajambulenso, muwalembere mitu yatsopano, ndipo mudikire masiku angapo kuti Google iwaunikenso. Akavomerezedwa, chitani zomwezo kwa otsalawo, madiresi pomalizira chifukwa ndiwo ali ndi mizere yambiri. Za kuwonjezera ndalama mudzakambirane ndi mnyamata uja madengu akayamba kuonetsa manambala pa `Impressions`, pamene pamawerengedwa kuti aoneka kangati kwa ogula.