Dengalo lisagwe popita m'Chingerezi

"Ndikuphunzira ntchito ku bungwe lina. Andipatsa chithunzi cha makolo akuumba njerwa za sukulu, pansi pake palembedwa kuti 'Mutu umodzi susenza denga', ndipo akufuna mawuwo m'Chingerezi. Ndalemba 'Two heads are better than one'. Kodi ndakhoza?"

Chingerezi chanucho chilibe vuto, koma mwasintha nkhani. Mawu akuti mutu akukokerani kumwambi wolakwika. Mitu iwiri ya m'mwambi wa Azungu ndi yoganiza, yopatsana nzeru, pamene mutu wa m'mwambi wathu ndi wosenza katundu. Taganizani denga la nkhokwe. Amalimangira pansi, likatha amaitana anansi kuti adzalinyamule ndi kuliika pamwamba. Makolo a pachithunzicho sakukambirana, ali m'matope.

Wapafupi ndi "Many hands make light work", komabe nawonso sufikapo. Umenewo ukunena kuti mukachuluka ntchito imapepuka. Wathu ukunena kuti pawekha sungayambe n'komwe. Komanso owerenga akunja anaumva kambirimbiri, sangadziwe kuti pano pakuyankhula Amalawi.

Ine ndikanasunga dengalo, n'kulemba chonchi: "One head cannot carry a roof, as we say here, so the parents came together to mould bricks." Chiganizochi chili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi mwambi momwe ulili. Ndasankha "cannot" chifukwa "susenza" pano sakutanthauza kuti mutuwo wakana, koma kuti sungathe. Chomaliza chikungonena zimene zikuchitika pachithunzi, ndipo ndicho chikumasulira mwambiwo popanda inu kuima ngati mphunzitsi.

Kachigawo kapakati musakaone kuchepa. Kakuuza mlendo kuti awa ndi mawu a makolo, asafunefune denga pachithunzi. Ambiri amalemba kuti "mwambi wa ku Africa umati", ndipo pomwepo nkhani imazizira, wolembayo amakhala ngati waima patali akuloza anthu achilendo. Mukanena kuti "ife timati", mwalowa m'gulu la oumba njerwawo ndipo owerenga mwamuitanira pomwepo. Kukoma kwa mwambi kwagona apa.

Mukamaliza, musonyezeni munthu wosamva Chichewa chithunzi ndi mawu anuwo, ndipo mumufunse zimene wamva. Akati anthuwa athandizana pa ntchito yosatheka munthu mmodzi, zatheka. Akafunsa kuti dengalo lili kuti, konzani chigawo chomaliza, chifukwa ndicho sichikugwirana ndi mwambi.

Si mwambi uliwonse umene umalola zimenezi. "Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno" ungafune kuti mufotokoze kaye za fodya wonunkhiza, ndiye malo a pansi pa chithunzi ndi mizere iwiri basi. Mukakumana ndi wotere, usiyeni m'Chichewa momwemo, kenako lembani tanthauzo lake m'chiganizo chimodzi chachifupi. Wanuwu suvuta choncho, pakuti denga aliyense amalidziwa kulemera kwake.