Makina owotcherera akutentha ndisanagwire ntchito

"Abale, ndadzikulungira makina owotcherera kuno ku Luchenza. Pakati pa koilo ndaika zitsulo za sipuling'i ya galimoto poti ndi zolimba. Koma ndikangoyatsa akutentha, ndisanawotcherere n'komwe. Kodi ndalakwitsa pati?"

Achimwene, kulimba mwakondako ndi kumene kwakupwetekani.

M'kati mwa chitsulo muli timagawo ting'onoting'ono, madomeni, ndipo kalikonse ndi kamaginito pakokha. Timaloza mosiyanasiyana, n'chifukwa chake msomali wamba sukoka kanthu. Magetsi akadutsa m'koilo, timagawo toloza mbali ya mphamvuyo timakula n'kumeza tinzake, mpaka tonse titaloza kumodzi. Mukazimitsa, si tonse timene timabwerera. Tina timakakamira, moti pamafunika mphamvu yochokera mbali inayo kuti titembenuke. Kutsalira kumeneku ndiye hisiteresisi. Pagirafu yoonetsa mmene umaginito wa chitsulo umasinthira ndi magetsi a m'koilo, njira yopita ndi yobwerera sizidutsa malo amodzi, zimapanga mkombero, ndipo kukula kwa malo a m'kati mwake ndiko mphamvu yosanduka kutentha pa ulendo umodzi.

Tsono magetsi a ESCOM amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Chitsulo chanucho chikuzungulira mkombero ka 3,000 pa mphindi, mukuwotcherera kapena ayi. Sipuling'i ili ndi kaboni wambiri ndipo inaumitsidwa, choncho malire a timagawo amakodwakodwa posuntha. Mkombero wake ndi wotakata. Khalidwe lokakamirali ndi labwino pa maginito a m'sipika, amene ntchito yake ndi kusunga mphamvu zaka ndi zaka. Pa thiransifoma, monga ya m'makina anuwo, pamafunika chitsulo chosakakamira, cha mkombero wowonda, monga chosakaniza ndi silikoni pafupifupi magawo 3 pa 100.

Yesani nokha madzulo ano. Tengani maginito a sipika yakufa, mukhule chidutswa cha sipuling'iyo maulendo 20 molowera mbali imodzi, muwachotse, ndiye muchiyandikize ku timapini. Mudzaona tikulendewera. Chitaninso chimodzimodzi ndi kachitsulo ka m'thiransifoma yakale: mukangochotsa maginito, timapini timagwa. Chogwetsa timapinicho ndicho chofunika pa makina anu.

Palinso vuto lachiwiri, ndipo pa zitsulo zochindikala ngati zanuzo ndikuliopa kwambiri. Magetsi amadzizungulira m'chitsulo momwemo n'kuchitenthetsa. N'chifukwa chake a kufakitale amasanja timapepala ta chitsulo ta mamilimita 0.35 kapena 0.5, topaka vanishi kuti tisapatsirane magetsi. Mukapeza timeneti kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Limbe, musatipale vanishiyo. Musatimenyenso ndi hamala pofuna kutiwongola, chifukwa kupinda ndi kumenya kumakulitsa mkombero uja.

Mukamanga bwino, yatsani mphindi 10 osawotcherera, muzimitse, muzule pulagi, kenako mukhudze. Chikatentha chitsulo, vuto likadali pakati. Akatentha waya, makinawo n'kumalira kwambiri, mwina mwakulunga mizere yochepa pa mavoti 230, timagawo tonse tatha kuloza kumodzi ndipo koilo ikungomwa magetsi. Pamenepo onjezerani mizere ya waya kumbali yolowera magetsi.