Bwana wanga wakale ndi "whom" wake

"Achimwene, ndikulemba kalata yofunsira ntchito. Ndilembe who kapena whom? Nanga that ndi which zimasiyana pati?"

Chemwali, mwandikumbutsa bwana wina amene ndinkamulembera malipoti. Bamboyo ankayesa kuti whom ndi who wovala tayi. Tsiku lina ndinalemba kuti "the clerk who we believe took the money". Anatenga bolopeni yofiira, n'kusintha kukhala whom, n'kundiuza pamaso pa anzanga kuti ndibwerere ku Fomu 2. Komatu wolakwa anali iyeyo. Chotsani "we believe" pamenepo, chatsala ndi "who took the money". Wotenga ndalama ndi kalalikiyo, ndiye mwininkhani: he took, osati him took.

Ine ndimati whom woikidwa polakwika ndi woipa kuposa who woikidwa polakwika. Azungu eniake poyankhula amangoti "who did you see?" ndipo palibe amene amadzidzimuka. Koma whom wosochera amaonetsa kuti munthu akudzionetsera pa zimene sakuzidziwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Chichewa chathu chimasiyanitsa kale zimenezi, koma kusukulu satiuza. Tamverani: "mphunzitsi amene anandithandiza" ndi "mphunzitsi amene ndinamuthandiza". Koyamba wothandiza ndi mphunzitsiyo, ndiye "the teacher who helped me". Kachiwiri wothandiza ndine, ndipo ka -mu- kakuloza mphunzitsi, ndiye "the teacher whom I helped".

Za that ndi which ndiye zina. Lamulo limene ambiri amaliopa, loti mawu osankha chinthu pakati pa zinzake aziyamba ndi that osati which, analitchukitsa ndi katswiri wa Chingerezi H. W. Fowler m'buku lake la mu 1926, ndipo iye ankangolangiza. Akonzi a ku America analigwira mwamphamvu, pomwe ku Britain, kumene Chingerezi chathu chinachokera, "the report which I sent" n'cholondola ndithu. Ndiye wina asakuopsezeni nazo. Chimene chimasinthadi tanthauzo ndi mpatuliro. "The bags that were wet were rejected" akutanthauza kuti matumba onyowa okha ndiwo anakanidwa. "The bags, which were wet, were rejected" akutanthauza kuti onse anali onyowa, onse anakanidwa. M'lipoti la katundu, timipatuliro tiwiriti tikhoza kukuikani pa mlandu.

Tsono pa kalata yanu

Ikani he kapena him m'malo mwa who kapena whom muone: he akakhala bwino lembani who, him akakhala bwino lembani whom. Pambuyo pa to, for, with ndi from, ndi whom nthawi zambiri, ngati mu "To whom it may concern". Mawu akamasankha chinthu pakati pa zinzake lembani that popanda mpatuliro. Akakhala ongowonjezera, lembani mpatuliro kenako which. That sabwera pambuyo pa mpatuliro wotereyu, ndipo timalemba "the office in which I worked", osati "in that".