Kamndandanda ka mawu pomasulira buku la banki m'khonde

"Tilipo atatu, tikumasulira buku lophunzitsira magulu a banki m'khonde la masamba 180. Nditawerenga mitu imene tamaliza ndapeza kuti pa chinthu chimodzi wina walemba chiwongoladzanja, wina phindu, wina ndalama yapamwamba. Mitu yotsala ndi yambiri. Titani kuti mawu asamasinthesinthe?"

Mayi, yambani mwaimitsa kaye ntchito yomasulirayo kwa tsiku limodzi, mukhale pansi nonse atatu ndi kupanga mndandanda wa mawu. Usakhale wautali. Mawu 30 mpaka 50 ndi okwanira buku lotere, chifukwa mndandanda ukafika mazana palibe amene amautsegula. Lowetsani mawu okhawo amene akubwerezedwa m'mitu ingapo, amene akasokonekera wophunzira alakwitsa masamu kapena lamulo la gulu. Mawu ngati msonkhano kapena mudzi asiyeni, sasokoneza munthu.

Mzere uliwonse wa mndandandawo uziimira chinthu chimodzi chochitika pagulu, osati liwu limodzi la Chingerezi. Tiyeni titenge chitsanzo chanu chomwecho. Membala wakongola K20,000 ndipo gulu linagwirizana zoti pamwezi aziwonjezera K10 pa K100 iliyonse. Pakutha pa mwezi apereka K2,000 yoonjezera. Ndalama imeneyi ikutuluka m'thumba mwake. Pakutha pa chaka gulu likamagawana, membala yemweyo alandira zoposa zimene anaponya, ndipo yapamwambayo ikulowa m'thumba mwake. Izi ndi ndalama ziwiri zosiyana. Mukazitchula zonse kuti phindu, mlangizi akadzawerenga kuti "phindu ndi K2,000" anthu sadzadziwa ngati akupereka kapena akulandira. Ine ndikanasunga chiwongoladzanja pa yoperekayo, phindu pa yolandirayo, ndipo "ndalama yapamwamba" ndikanaichotseratu m'buku lonse chifukwa ingathe kutanthauza zonse ziwiri.

Chingerezi nachonso sichiyenda mzere umodzi. Mabuku ambiri a banki m'khonde amalemba `interest` pena, pena `service charge`, koma akunena ndalama yomweyo ya K2,000 ija. Ngati buku lanu likutero, mawu awiriwa akhale pamzere umodzi ndipo Chichewa chake chikhale chimodzi. Liwu la `share` lili ndi vuto lotembenuka: pena ndi sheya imene membala amagula pamsonkhano, kuyambira imodzi mpaka zisanu, pena ndi kugawana chabe. Limeneli lifunika mizere iwiri.

Tsegulani tebulo mu Excel kapena Google Sheets, limodzi lokha la nonse atatu, ndipo mzere uzioneka chonchi:

```
Chingerezi: interest / service charge
Chichewa: chiwongoladzanja (chake, chimene, chakwera)
Tanthauzo: yoonjezera imene wokongola amapereka
Osalemba: phindu, ndalama yapamwamba, chiongola dzanja
```

Ambiri amalemba magawo awiri oyambawo n'kusiyira pomwepo, koma gawo la "Osalemba" ndi limene lidzakuthandizeni kwambiri. Mnzanu akaona kuti mawu amene amawakonda anakambidwa kale ndipo anakanidwa, sawabwezeretsa mwakachetechete pamutu wachisanu ndi chinayi. Komanso ndi gawo lomweli limene mudzagwiritse ntchito posaka zolakwika. Muikemonso kalembedwe kamene mwakana, chifukwa liwu limodzi timalilemba mosiyanasiyana: wina aika w, wina saika, wina alidula pakati. N'chimodzimodzi m'khonde ndi mkhonde. Sankhani kamodzi, lembani, basi.

Aneni musawaiwale. Kubwereka m'Chichewa kumayenda mbali zonse ziwiri: "ndabwereka khasu" ndiye kuti ndatenga, "ndibwerekeni khasu" ndiye kuti mundipatse. Pocheza palibe amene amasochera, koma m'malamulo a gulu chiganizo chakuti "membala asabwereke munthu wakunja" chingathe kumveka pawiri. Gwirizanani kuti wotenga ndalama akukongola, wopereka akukongoza, ndipo ndalamayo ndi ngongole. Mukatero wowerenga adzadziwa amene ali ndi ngongole pongoona mneni.

Nanga posankha mawu, mawu a ndani apambane? Osati a amene ali wamkulu pa atatunu. Funsani mlembi kapena msungichuma wa gulu lenileni la kudera kumene bukulo likupita. Ngati amayi akumeneko amati masheya, lembani masheya, ngakhale mutaona kuti "magawo" ndi Chichewa chokoma. Buku lophunzitsira limawerengedwa mokweza pansi pa mtengo, ndipo mlangizi akayamba kumasuliranso mawu anu kuti anthu amve, kufanana konse kumene munavutikira kwatha. Thumba lothandizira pamaliro ndi pamatenda lili ndi maina osiyana m'madera osiyana, choncho limenelo mufunse ndithu musanalembe. Mukasankha, munthu mmodzi yekha ndiye akhale ndi chilolezo chosintha tebulo. Enawo akakumana ndi liwu latsopano azilemba pansi pa tebulo ngati pempho, liyankhidwe tsiku lomwelo.

Tsopano mitu imene mwamaliza kale. Pano ndikupemphani chinthu chimodzi: musadine `Replace All` mu Word. Chichewa chimagwirizanitsa dzina ndi mawu onse olitsatira. Phindu limayenda ndi "lake" ndi "la", chiwongoladzanja chimayenda ndi "chake" ndi "cha". Chiganizo chakuti "phindu lake limaperekedwa mwezi uliwonse" mukachisintha ndi makina chidzatuluka "chiwongoladzanja lake limaperekedwa", ndipo zoterezi zidzamwazika m'buku lonse. Choipa china n'chakuti malo amene phindu linali lolondola, pamutu wa kugawana, nawonso adzasinthidwa. N'chifukwa chake mu tebulo muja ndaikamo "chake, chimene, chakwera" pafupi ndi dzinalo, kuti wokonza akumbukire kusintha chiganizo chonse. Dinani `Ctrl+H`, muziyenda ndi `Find Next` malo amodziamodzi, muziwerenga chiganizo mpaka pampumiro. Pa liwu lopezeka malo 60 ntchitoyi singakutengereni tsiku, ndipo ndi yofunika kuichita ndi maso.

Posaka, lembani tsinde la liwu, osati liwu lonse, popeza aphatikiram'mbuyo amasintha. Mukalemba `bwerek` mudzapeza kubwereka, wobwereka, anabwereketsa ndi obwereketsa nthawi imodzi. Pofuna kugwira kalembedwe konse ka chiwongoladzanja musalembe `ongola`, chifukwa mudzakokanso kukongola konse kumene kuli m'bukumo. Lembani `dzanja`, mudzangodumpha malo ochepa onena za kukweza dzanja povota.

Kusaka kumeneku kumagwira mawu okhawo amene mukuwadziwa kuti ndi olakwika. Kuti mugwire amene simunawaganizire, yambirani ku Chingerezi: sakani `interest` m'buku loyambirira, muwerenge kuti likupezeka kangati pamutu uliwonse, muonjezere `service charge`, kenako muyerekeze ndi chiwerengero cha chiwongoladzanja m'Chichewa. Manambala sadzafanana ndendende, chifukwa ife nthawi zambiri sitibwereza dzina, timangoti "chimaperekedwa". Koma ngati Chingerezi chili ndi 14 ndipo inu muli ndi 3, pamutu umenewo pali liwu lina limene lalowa, ndipo mukalipeza mulilembe pa "Osalemba".

Malo amene amaiwalika ndi mitu ya matebulo, mawu a pansi pa zithunzi, mafunso a kumapeto kwa phunziro ndi chitsanzo cha kabuku ka membala chimene chimakhala kumapeto. Mawu amene ali mkati mwa chithunzi Word sawaona posaka, choncho masamba amenewo muwasindikize ndi kuwayang'ana ndi cholembera m'manja, tebulo lanu lili pambali. Kabuku ka membala muyambe ndi iko, chifukwa mawu a pamenepo ndi amene gulu lidzawaone pamsonkhano uliwonse mlangizi atapita.