Bungwe likapyola malire a mphamvu zake

"Pa mlandu wa laisensi yanga ndamva mawu akuti ulutira viresi, akuti alinso ndi mitundu iwiri. Ndithandizeni."

Achimwene, mawuwa ndi a Chilatini, kutanthauza kuchita zopyola mphamvu zimene lamulo linakupatsa. Bungwe la boma likatero, khoti likhoza kufafaniza chiganizo chake.

Tiyerekeze kuti lamulo likuti bungwe lingaimitse laisensi kwa miyezi yosapitirira 6, koma liyambe lamulembera mwiniwake ndi kumva mbali yake. Likaimitsa laisensi yanu kwa zaka 2, uwo ndi mtundu woyamba: chinthu chimene lachitacho lilibe mphamvu yochichita. Ngakhale litakumverani tsiku lonse, sizikonzeka.

Likaimitsa kwa miyezi 3 koma osakuitanani, uwo ndi wachiwiri. Mphamvu lili nayo, koma lalumpha ndondomeko. Apa mpamene ambiri amakhumudwa. Ine ndinapambanapo mlandu wotere, ndinasangalala kwambiri. Posakhalitsa kalata inabwera yondiitana, anandimvera bwinobwino, kenako n'kugamula chimodzimodzi, ndipo ulendo uno zinali zovomerezeka. Zinandiwawa. Dziwaninso kuti si kulumpha kulikonse kumene kumagwetsa chiganizo. Khoti limaona ngati gawo lolumphidwalo linali lokakamiza, monga kumva mbali yanu, kapena kanthu kakang'ono kosakulakwirani.

Tsegulani lamulolo, muwerenge ndime yopereka mphamvu payokha, ya ndondomeko payokhanso, muyerekeze ndi kalata yanu. Kenako pitani kwa loya msanga, chifukwa nthawi yokadandaula kukhoti imakhala yochepa, m'mayiko ena miyezi 3 yokha.